Chipinda Chachiwiri: Zimene Ndinaziona Nditaikamo Munthu wa Lendi

Uthengawu ndi wautali, ndiye ngati muli pa ntchito usungeni, muuwerenge madzulo. Dzulo mnzathu wina anandipeza ndikumasula giyabokosi ya Yamaha 15, nkundifunsa kuti, "Aise, ndamaliza chipinda chachiwiri, ndiikemo munthu kapena ndichisiye?" Ndinamuyankha mwachidule chifukwa manja anali oyilo yekhayekha. Usiku zinandibwerera, ndipo ndinaona kuti ndamunamiza pomuyankha mopepuka choncho. Ndiye ndati ndilembe bwinobwino zimene zinandichitikira ine, ndi masamu ake omwe.

Nyumba yanga ili pa malo a bambo, kufupi ndi Monkey Bay, moyang'anizana ndi nyumba yawo ya udzu. Ili ndi zipinda ziwiri ndi kabalaza kakang'ono. Chipinda chimodzi ndimagonamo ine limodzi ndi ma injini a makasitomala, chifukwa nonse mukudziwa kuti injini siyigona panja. Chachiwiri chinkangokhala. Munali mphasa ziwiri, neti yakale ya udzudzu ndi ndowa yobooka. Abale akabwera kuchokera ku Mtakataka, kwawo kwa amayi, ankafikira mmenemo.

Kumapeto kwa 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti ija, masipeya anakwera moti ndinkachita manyazi kutchula mtengo wa impela kwa kasitomala. Ndinayamba kuchiyang'ana chipinda chija ndi diso lina. Ndinawerengera kuti K30,000 pa mwezi, kuchulukitsa ndi miyezi 12, ikukwana K360,000. Ndalama imeneyo ndinali nditaigula kale zinthu m'mutu: bokosi la masipanala abwino, mapulagi ndi ma impela osunga kuti ndisamathamangire ku Mangochi boma nthawi iliyonse injini ikafa. Ndinagula simenti, ndinaika pulasitala ndi pansi, chitseko chatsopano, loko ndi zenera. Pamodzi ndi mmisiri zinandidyera K210,000.

Bambo sanakane mokuwa. Anangofunsa kuti, "Nanga azakhali ako akabwera, agona mu bwato?" Ine ndinayankha kuti alendo amabwera kamodzikamodzi, pomwe ndalama ikufunika tsiku ndi tsiku. Anangoti "chabwino" nkupitiriza kusoka ukonde. Amene munakula ndi abambo a kunyanja mukuidziwa "chabwino" imeneyo.

Mu Malichi 2024 munalowa mnyamata wina wogwira ntchito ya usiginala pa chilimira. Sanali munthu woipa, ndinene zimenezo poyamba. Miyezi itatu yoyamba analipira tsiku lake lenileni. Chimene sindinaganizire, ngakhale ndine mwana wa msodzi, nchakuti munthu wa lendi amene ndalama yake imachokera pa madzi amalipira monga mmene nyanja ikumulipirira iye. Mwera utayamba mu Juni, mabwato anakhala pa gombe masiku ambirimbiri. Juni sanalipire. Julayi sanalipire. Tsiku lina atapita ku nyanja anabwera ndi ndowa ya usipa nkupereka kwa amayi, patapita masabata anabweretsanso ina. Amayi analandira, tinadya, wina anayanika. Ine ndinkaona ngati ndi ulemu chabe wa munthu amene akudziwa kuti ali ndi ngongole.

Ogasiti analipira. Kumayambiriro kwa Sepitembala anapha bwino, anabwera akumwetulira nkundipatsa K90,000 pamanja. Sitinalembe paliponse. M'mutu mwanga ndalama imeneyo inali ya Juni, Julayi ndi Sepitembala. M'mutu mwake inali ya Sepitembala, Okutobala ndi Novembala, poti Juni ndi Julayi anali atalipira kale ndi usipa uja. Tonse tinagona okondwa usiku umenewo, aliyense ndi masamu ake. Mawa lake ndalama ija ndinakagulira masipeya, yonse.

Pakati pa Okutobala achemwali anga, amene anakwatiwa kumudzi, anachira ndi opaleshoni ku chipatala. Atawatulutsa anawauza kuti abwererenso kudzaonetsa bala. Msewu wa kumudzi kwawo ndi wa fumbi, wokumbikakumbika, ndipo chigawo chomaliza ndi cha njinga yamoto. Munthu wosokedwa pamimba sungamukweze pamenepo kupita nkubwereranso. Zinali zodziwikiratu kuti akhala kwathu masabata awiri, iwo, khanda, azakhali amene ankawadikirira, ndi alamu.

Ndinapita kwa mnyamata uja. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, pepani, ndapanikizika, mundipezereko pena poti mukhale kwa masabata awiri." Anandiyankha mwaulemu kuti walipira mpaka Novembala. Ndinati ayi, muli ndi ngongole ya Okutobala. Mawu anakwera. Madzulo ake nkhani inafika kwa nduna ya amfumu. Mkulu uja anatimvetsera tonse, kenako anandifunsa funso limodzi lokha: "Munalemba pati?" Ndinalibe choonetsa. Anafunsa amayi ngati analandira usipa, amayi anavomera, poti sakananama. Chigamulo chinali chakuti munthuyo akhala mpaka Novembala, ndipo ngati ndikufuna atuluke ndimupatse notisi ya mwezi wathunthu. Ndikanakhala ndi K90,000 ija m'thumba, mwina ndikanamubwezera gawo nkumupempha bwino, koma inali itasanduka mapulagi ndi ma impela.

Ndikudziwa zimene ena mukuganiza: bwanji sunapereke chipinda chako? Ndinayesa. Ndinatulutsa ma injini anayi, ndinakolopa katatu ndi sopo wa ufa. Petulo ndi oyilo zikalowa mu simenti sizituluka tsiku limodzi. Ine mphuno yanga inazolowera, sindimamvanso, koma azakhali atangolowa anatuluka atagwira pamphuno nkunena kuti mwana wa masiku anayi sangapume mmenemo. Ankanena zoona. Komanso panali nkhani ina imene amayi sanainene mokweza. Chitseko cha munthu wa lendi chinali cha mkati, ankadutsa pabalaza, ndipo nthawi zina ankabwera ndi mlendo wake wa usiku. Kwa amayi, khanda limene silinatuluke m'chikuta silingakhale denga limodzi ndi zoterozo, akuti lingatsempheke. Kaya inu mumakhulupirira kaya ayi, amene akusamala mwanayo amakhulupirira, ndiye nkhani imathera pomwepo.

Mapeto ake achemwali, khanda ndi azakhali analowa kuchipinda kwa makolo. Amayi anagona pabalaza pawo ndi ana aang'ono. Alamu ndinawalipirira resiti hausi, K8,000 pa usiku kwa masiku 8, chifukwa sindikanawagoneka pabalaza panga pomwe siginala ndi anzake amadutsa m'bandakucha akununkha nsomba. Anatsala ndi bambo. Ndinawapempha kuti agone pa bedi langa, ine ndigone pansi. Anandiyang'ana nkunena kuti, "Ine pa nyumba ya lendi sindigonapo." Anatenga mphasa nkupita ku shedi ya maukonde ku gombe. Anagona kumeneko masiku 12, mu Okutobala, udzudzu uli ng'weng'weng'we. M'mawa uliwonse anthu obwera kudzagula nsomba ankawaona akupinda mphasa, bambo wa zaka zawo, mwana wawo ali ndi nyumba ya malata mamita ochepa kuchokera pamenepo. Palibe amene anandinena pamaso. Koma kasitomala wina wachikulire, polipira ntchito, anandifunsa kuti, "Mdala ali bwanji ku shedi kuja?" Ndinalephera kuwerenga ndalama imene anandipatsa.

Mnyamata uja anakhala mpaka Febuluwale 2025. Disembala ndi Januwale analipira, Febuluwale anasamukira ku doko lina ndi bwana wake osatsanzika. Atachoka ndinakhala pansi ndi kope langa lolembamo ntchito nkuwerengera chaka chonse. Pa K360,000 ya pa pepala ija, imene inalowa m'manja ndi K270,000. Mayunitsi a magetsi ndi madzi zinkakwera ndi pafupifupi K6,000 pa mwezi, chifukwa ankatchaja mabatire ndi mafoni a gulu lake lonse, ndiye pa chaka ndi K72,000. Yatsala K198,000. Chotsanipo K64,000 ya resiti hausi, yatsala K134,000. Loko anapita ndi kiyi, khoma linali lakuda ndi utsi wa mbaula, kukonza kunadya K25,000. Yotsala yeniyeni ndi K109,000 pa chaka chathunthu, kutanthauza K9,000 ndi kakusintha pa mwezi. Kutsuka kabureta imodzi ndimatchaja K10,000, ntchito ya ola limodzi. Ndipo apa sindinachotsepo K210,000 ya kukonza chipinda, poti ndimadzitonthoza kuti simentiyo inatsala pa nyumba yanga.

Mukanandifunsa tsiku limenelo ndikanati lendi ndi bodza, chipinda chisiyireni abale. Koma ndinachitanso masamu a mbali inayo, ndipo nawonso sanali okoma. Ndinakhala ndi amayi tikukumbutsana alendo onse amene anagona m'chipinda chija chaka chimene ndinali ndisanaikemo munthu. Ana a achemwali pa holide ya Ogasiti, masabata awiri. Pa Khirisimasi, sabata imodzi ndi masiku. Maliro a m'bale wina wa kuno, masiku asanu. Azakhali pobwera ku chipatala, kawiri. Amalume pobwera ndi chimanga kudzasinthanitsa ndi nsomba atakolola. Zonse pamodzi zinakwana masiku pafupifupi 40. Masiku ena onse, opitirira 320, m'chipindamo munkagona ndowa yobooka.

Chimene ndinazindikira powerenga masikuwo nchakuti alendo athu ali mitundu iwiri. Ambiri amabwera nthawi yodziwika: akakolola, masukulu akatsekera, pa Khirisimasi. Amenewa ukhoza kuwakonzekera. Ena amabwera ndi matenda, uchembere kapena maliro, ndipo foni yawo imalira usiku. Masiku awo ndi ochepa, koma ndi amene amakuyesa ngati uli munthu. Vuto la munthu wa lendi ya pa mwezi nlakuti amatseka chitseko kwa mitundu yonse iwiri, chaka chonse, ndipo sungamutulutse mwadzidzidzi. Ali ndi ufulu wake, walipira.

Nzeru yotsatira sinali yanga, inali ya amayi. Anati, "Bwanji osaikamo amayi a geni?" Mukuwadziwa, aja ochokera ku Lilongwe ndi ku Limbe obwera kudzagula usipa, kuyanika pa thandala nkupakira. Iwowa sakhala mwezi wathunthu. Amatsatira mdima. Usipa wa chilimira umakokedwa ndi nyali, ndiye mwezi ukawala kwambiri nyali zimasowa mphamvu, mabwato amapuma, amayi aja amanyamula katundu nkupita kukagulitsa. Amabweranso mwezi ukayamba kuchedwa kutuluka. Ndiye kuti pa mwezi uliwonse chipinda chimakhala chopanda munthu pafupifupi sabata imodzi kapena kuposerapo, popanda kuthamangitsa aliyense. Pa mwera amabwera ochepa, ndipo nthawi yomweyo ndi imene abale a kumudzi amakhala atakolola ndipo ana ali pa holide. Pa dzinja, mvula ikamavuta kuyanika, amachepanso, ndipo ndi nthawi ya Khirisimasi. Kalendala ya nyanja ndi kalendala ya abale zikupatsana mpata zokha. Ndakhala pa nyanja moyo wanga wonse koma sindinazione mpaka amayi atandilozera.

Ndisanalandire munthu ndinachita chinthu chimodzi chimene ndikanayenera kuyambira: ndinatseka khomo la mkati ndi njerwa nkuboola lina loyang'ana panja, mbali ya nyumba ya amayi. Kiyi amasunga amayi, ndalama amalandira amayi. Izi sizaulemu chabe. Ine ndine mnyamata wosakwatira, ndipo mukudziwa zimene anthu amayankhula pa gombe akaona mayi wa geni akutuluka m'nyumba ya mnyamata m'mawa. Mayiyo ali ndi banja lake kwawo, ine ndili ndi amene ndikumuyang'ana. Khomo lapanja ndi kiyi wa amayi zinatseka pakamwa pa anthu ambiri, ngakhale si onse.

Mtengo ndi K40,000 pa mdima umodzi, kaya akhala mmodzi kaya awiri ogawana. Zonse zimalembedwa mu kope, tsiku lolowa, tsiku lotuluka, ndalama, ndipo amasainira pamaso pa mboni. Nsomba ikabwera ngati mphatso ndimalemba kuti mphatso, akuona. Matumba a usipa salowa m'chipinda, amakhala pa khonde lotchinga, chifukwa fungo lake limakhala m'khoma ngati petulo wanga uja, komanso limaitana makoswe ndi nyerere. Ndipo pali mzere umodzi umene ndimawawerengera mokweza asanapereke ndalama: pakagwa maliro kapena matenda a m'banja mwathu, ndidzawauza, adzasamukira kwa mayi wina woyandikana nafe amene tinagwirizana naye kale, ndipo ndalama ya masiku otsala ndidzabweza tsiku lomwelo. Ena akamva mzere umenewu amachoka kukafuna kwina. Ndimawasiya apite. Amene amavomera amati nawonso ali ndi abale, akumvetsa.

Kuti mzere umenewo usakhale bodza, ndalama ya mdima umene uli mkati sindiyigwira. Imakhala pa foni, pa nambala imene sindigulira yunitsi kapena sipeya, mpaka munthuyo atatuluka. Apa ndiye povuta kwenikweni. Pali tsiku lina kasitomala anabwera ndi injini yofuna mapisitoni, ine ndilibe ndalama yogulira, K40,000 ili pa foni ikundiyang'ana. Ndinatsala pang'ono. Ndinakumbukira shedi ija, ntchitoyo inapita kwa makaniko wina.

Mu 2025 ndinalandira midima isanu ndi umodzi, itatu mwera usanayambe, itatu utatha. Ndi K240,000. Madzi ndi magetsi zinadya pafupifupi K30,000, poti amayiwa amakhala ku thandala tsiku lonse, amangobwera kudzasamba ndi kugona. Kamodzi ndinabweza K15,000 azakhali atadwala mwadzidzidzi mu Okutobala, ndipo mayi amene analimo anasamuka mosanyinyirika, mpaka anawaphikira azakhali phala. Yotsala ndi K195,000, pafupifupi kawiri ya chaka cha siginala, chipinda chitagwira ntchito theka la nthawi. Kuboola khomo kunali ndi mtengo wake, ndipo chimbudzi chikudzaza msanga kuposa kale. Pa mchenga wathu uno kukumba china nkofunika kumangira njerwa m'kati, apo ayi chimagumuka ndi mvula yoyamba. Ndalama imeneyo ikubwera, ndikuidziwa.

Musatenge ngati ndapeza mankhwala a aliyense. Njira iyi ikuyenda chifukwa ndili pafupi ndi doko limene amayi a geni amafikira, ndiponso chifukwa amayi anga ali pa khomo tsiku lonse. Amene muli kutali ndi gombe, anthu anu a lendi ndi aphunzitsi, a zaumoyo kapena ogwira ntchito m'malo ogona alendo. Amenewo amalipira bwino kuposa siginala chifukwa malipiro awo sadalira mphepo, koma amakhala chaka ndi chaka, ndipo mphunzitsi simungamuuze kuti asamuke pakati pa teremu. Ngati mukupita njira imeneyo, musanalandire ndalama yoyamba khalani pansi ndi makolo mutchule dzina la malo enieni amene mchemwali wanu adzagone akadzabwera ndi khanda. Mukalephera kutchula, ndiye kuti mudzagoneka bambo anu ku shedi ngati ine.

Bambo mpaka pano sanavomereze. Amapereka moni kwa amayi a geni, nthawi zina amawathandiza kupeza bwato la mtengo wabwino, koma m'chipindamo sanalowemo chiikireni khomo latsopano. Tsiku lina ndinawaonetsa kope, ndinawawerengera K195,000 ija. Anamvetsera mpaka kumapeto nkunena kuti pa nthawi yawo mlendo sankayamba wafunsa ngati mwezi ukuwala. Ndinafuna kuwayankha kuti pa nthawi yawo impela sinali pa mtengo uwu, koma ndinameza.

Tsopano pabwera ina imene sindinaiwerengere mu masamu onsewa. Sabata yatha amalume anaimba. Amva kuti chipinda chilibe munthu mpaka Malichi, ndiye akuti mwana wawo wamwamuna, amene analemba Fomu 4 osakhoza bwino, abwere adzakhale nane "pang'ono" aziphunzira za ma injini. Nonse mukuidziwa "pang'ono" ya kumudzi. Amati mlendo ndi mame, koma mame ake awa akubwera ndi chikwama ndi chitupa cha kutchalitchi. Akalowa, sindingamulembe mu kope, sindingamuwerengere mzere wanga uja, ndipo Malichi akakwana sindingauze amalume kuti mwana wawo atuluke mulowe mayi wa ku Limbe. Chipindacho chidzatsekeka kwa amayi a geni, komanso kwa achemwali ndi azakhali omwe, popanda ngakhale K9,000 pa mwezi.

Mbali ina, mnyamatayo ndi msuweni wanga, manja ake ndi abwino, ndipo ine amene anandiphunzitsa kumasula injini anandisunga pa khomo pake zaka ziwiri osandilipiritsa. Ndaganiza zoti azigona pabalaza, kapena m'chipinda mwanga ndi ma injini, ngati mphuno yake ingapirire. Amayi akuti zimenezo amalume akazimva adzati ndasankha alendo a ndalama kusiya magazi. Bambo sananene kanthu, angondiyang'ana.

Ndawauza amalume kuti ndiwayankha Lamlungu. Lero ndi Lachinayi, ndipo giyabokosi ija sindinaimalize.